Kuyankha dandaulo lopanda chilungamo uku mukubweza gawo la ndalama

Uthengawo unafika usiku nditatseka kale shopu. Mayi wina amene anagula juzi ya ubweya wa nkhosa milungu itatu m'mbuyomo analemba kuti: "Munandigulitsa chinthu chachinyengo. Ndangochapa kamodzi kokha, yachepa moti ingakwane mwana. Ndinakulemberani Lolemba, mpaka lero zii. Ndikufuna ndalama zanga zonse, apo ayi aliyense adziwa mmene mumabera anthu." Pansi pake panali chithunzi cha juzi ija ili pabedi, itafupika manja ndi thupi lomwe, itakhuthala ngati bulangete.

Amene munagulitsapo zovala za ubweya mwadziwa kale chimene chinachitika. Juziyo inalowa m'madzi otentha kapena m'makina ochapira, ndipo panalibe chinyengo chilichonse. Komabe ndinawabwezera mayiwo gawo la ndalama zawo. Ndilongosola mmene ndinayendetsera nkhaniyi kuyambira usiku umenewo mpaka tsiku lolipira, chifukwa chovuta pa nkhani zotere si kuchuluka kwa ndalama. Chovuta n'kulemba yankho loti munthu alandire ndalamazo akudziwa bwino kuti mukumupatsira chiyani. Mukapanda kutchula chifukwacho, iye amadzipezera chake, ndipo chimene amapeza n'chakuti mwavomera kuti munamubera, kwangotsala kukufinyani kuti mumalize zotsalazo.

Choyamba: vomerezani kuti mwalandira uthenga, osaweruza kanthu

Usiku umenewo ndinalemba yankho lalitali lofotokoza kuti ine si wakuba, kuti ndagulitsa majuzi amenewa kwa anthu ambiri popanda wodandaula, ndi zina zotero. Mwamwayi sindinatumize. Yankho lolemba mtima uli m'mwamba limayankha mawu oti "mumabera anthu" n'kuiwala juzi. Chimene chimafunika tsiku loyamba ndi mizere iwiri kapena itatu basi. Ine ndinalemba kuti: "Zikomo mayi, uthenga wanu ndauona. Chonde nditumizireni chithunzi cha kansalu ka malangizo kamene kali mkati mwa juziyo ndi china cha misoko ya m'khwapa, kapena mubwere nayo kushopu. Ndikuyankhani zonse mawa tisanatseke." Mukalonjeza nthawi yotere, isungeni ndithu, makamaka ngati limodzi la madandaulo ake ndi loti simuyankha.

Chachiwiri: patulani dandaulolo, muone choona ndi chabodza

Dandaulo la munthu wokwiya limabwera litamangidwa mtolo umodzi. Limasuleni. Mu uthenga wa mayi aja munali zinthu zitatu: katundu ndi woipa, sindinayankhe uthenga wawo woyamba, ndipo ndimabera anthu. Chachitatucho sichifuna yankho ayi, ndi ululu chabe ukulankhula. Ziwiri zoyambazo ndiye zofunika kuzifufuza ngati kuti wodandaulayo ndi mbale wanu amene mukufuna kumuthandiza.

Pa juziyo, ubweya umanena wokha zimene unakumana nazo. Ulusi wa ubweya wa nkhosa uli ndi timamba ting'onoting'ono. Ukalowa m'madzi otentha n'kumachikichidwa kapena kuzunguzidwa m'makina, timamba timeneti timakolana, nsaluyo n'kuumbika pamodzi. Imachepa mbali zonse, imakhuthala, imauma, ndipo maso a kalukidwe kake saonekanso bwino. Ikafika pamenepo siibwerera mwakale. Juzi imene inabwera yolakwika kuchokera kofakitale imaoneka mosiyana: msoko umasomboka, pamakhala kabowo pamene ulusi unaduka, dzanja lina limatalika kuposa linzake, kapena utoto umasuluka ngakhale mwachapa monga malangizo akunenera. Mayiwo atabwera nayo, misoko yonse inali yolimba, ndipo kansalu ka malangizo kanali pamalo pake, pali chizindikiro cha beseni lokhala ndi dzanja mkati, kutanthauza kuti ichapidwe pamanja. Ndinawafunsa mwaulemu kuti, "Kodi munaichapa bwanji, mayi?" Anayankha okha kuti anaiponya m'makina pamodzi ndi matawulo.

Pano pali malire amene simuyenera kuwadumpha. Mukafufuza n'kupeza kuti katunduyo analidi woipa, nkhani yobweza gawo yathera pomwepo. M'mayiko ambiri malamulo oteteza ogula amapatsa munthu wogula katundu wolakwika ufulu woti amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama, ndipo chikwangwani cha pakhoma choti katundu wogulidwa sabwezedwa sichifafaniza ufulu umenewo. Kubweza gawo ndi kwa nkhani imene mwatsimikiza kuti katundu anachoka m'manja mwanu ali bwino. Ngati mukukayika, onetsani katunduyo kwa amene munapikulako kapena kwa mmisiri wodziwa musanayankhe.

Za uthenga wa Lolemba zija, nditayang'ana m'foni ya shopu ndinaupezadi. Unatsegulidwa ndi mnyamata amene amandithandiza, iye n'kuiwala kundiuza, ndipo unakhala masiku 4 osayankhidwa. Nditamufunsanso, anavomera kuti pogulitsa juziyo sanawauze mayiwo za kachapidwe, chonsecho ndi lamulo lathu m'shopumo kuti aliyense wogula chaubweya timamuuza pakamwa. Zinthu ziwiri zimenezi zinali zolakwa zathu zenizeni, ngakhale kuti sizimene zinawononga juzi. Ndi pa zimenezi pamene ndinamangirira ndalama zobwezazo.

Nthawi zina mudzafufuza n'kupeza kuti simunalakwe paliponse. Mutha kubwezabe gawo ngati kasitomalayo ndi wakale ndipo simukufuna kumutaya, koma mukatero nenani poyera kuti mukuchita mwa kufuna kwanu poganizira zaka zimene wakhala akugula kwa inu. Musapeke cholakwa kuti kalata imveke yofewa. Cholakwa chopeka chimadzakutsatani tsiku limene munthuyo adzaonetse kalatayo kwa ena.

Chachitatu: werengani ndalama musanalembe chiganizo chilichonse

Kuti masamu asavute, tinene kuti juziyo ndinaigulitsa pa 100, m'ndalama iliyonse imene mumagwiritsa ntchito kwanuko, ndipo ndinaipikula pa 60. Phindu linali 40. Juzi yoonongeka chonchi singagulitsidwenso, choncho ndikabweza 100 yonse ndiye kuti ndataya 60 ya mpamba pa chinthu chimene sindinawononge. Ndikabweza 40, phindu lonse lapita koma mpamba watsala. Apa ndiye pothera penipeni: kupitirira 40 ndayamba kudya mpamba. Ndinasankha 30, kuti katsaleko kakang'ono kothandizira lendi ndi malipiro, komanso chifukwa 30 pa 100 ndi ndalama yoti munthu akailandira amaona kuti sanamuseke. Mukapereka 5 pa 100, kuli bwino osapereka n'komwe, pakuti munthu wokwiya amaona ngati mwamuponyera khobidi kuti achoke pakhomo.

Pali njira ina imene ogulitsa ambiri saiwerengera bwino, yomupatsa munthu mwayi wosankha katundu wina m'shopu m'malo mwa ndalama. Ndikawauza mayi aja kuti asankhe katundu wa 40, ine katundu ameneyo ndinamupikula pa 24, ngati phindu lake likufanana ndi la juzi ija. Iwo alandira zambiri kuposa 30, ine ndataya zochepa kuposa 30, ndipo abweranso m'shopu. Koma musaikakamize njira imeneyi. Munthu amene wanena kuti ndinu akuba sangakondwe kumva kuti chipepeso chake n'kudzagulanso kwa inu. Ikani ziwirizo patebulo, asankhe yekha.

Sankhani nambala imodzi ndipo muime pomwepo. Ife ogulitsa tinazolowera kunenerera, popikula timayamba pansi podziwa kuti tikwera. Pa nkhani ya dandaulo chizolowezi chimenechi n'choopsa. Mukayamba ndi 15, iye n'kukalipa, inu n'kufika pa 30, mwamuphunzitsa kuti kukalipa kumakweza mtengo, ndipo adzakalipanso kuti mufike pa 60.

Chachinayi: lembani kalatayo, zinthu zitsatane bwino

Kutsatana kwa mfundo n'kofunika kuposa kukoma kwa mawu. Yambani ndi kusonyeza kuti mwamva vuto lake, kenako cholakwa chanu chenicheni, kenako zimene mwapeza pa katunduyo, ndipo ndalama zibwere pambuyo pa zonsezo. Mukayamba ndi ndalama, zotsatirazo sawerenga, amangoyamba kuwerengera zimene zaperewera. Mukayamba ndi kumuuza kuti analakwa ndi iye, amatseka makutu asanafike pamene mukupepesa. Kalata imene ndinatumiza inali iyi:

"Zikomo mayi chifukwa chobwera ndi juzi ija lero. Ndikumvetsa kukhumudwa kwanu, chovala chimene mwangovala milungu itatu kuti chisakukwaneninso n'zopweteka.

"Pali zinthu ziwiri zimene ife sitinachite bwino. Uthenga wanu wa Lolemba unakhala masiku 4 osayankhidwa, ndipo tsiku limene munagula sitinakuuzeni pakamwa za kachapidwe ka ubweya monga timachitira ndi aliyense. Pa ziwirizi ndikupepesa.

"Juziyo ndaiyang'ana bwino. Misoko yake ndi yolimba ndipo palibe pamene ulusi unaduka. Yachepa mbali zonse n'kukhuthala, zimene zimachitika ubweya ukachapidwa m'makina kapena m'madzi otentha. Kansalu ka mkati kakusonyeza kuti ndi yochapa pamanja. Pa chifukwa chimenechi sindingathe kubweza ndalama zonse, popeza juziyo inalibe vuto pamene inkachoka m'shopu.

"Chifukwa cha zolakwa zathu ziwiri zija, ndikubwezerani 30 pa 100 imene munalipira, kudzera njira yomwe munalipirira, pasanathe masiku awiri mutandiyankha. Ngati mungakonde, m'malo mwake mutha kusankha katundu wa 40 m'shopu muno. Juziyo ikhala yanu. Ndiuzeni chimene mwasankha pofika Lachisanu la sabata yamawa."

Taonani mawu angapo m'kalatamo, chifukwa ndinawasinthasintha kangapo ndisanatumize. Poyamba ndinalemba kuti "munaichapa molakwika". Ndinafufuta n'kulemba kuti "zimene zimachitika ubweya ukachapidwa m'makina". Mfundo ndi yomweyo, ndipo mayiwo akudziwa bwino amene anaiponya m'makinamo, koma chiganizo chachiwirichi chikukamba za ubweya pamene choyamba chija chikuloza munthu chala. Munthu amatha kuvomereza zimene ubweya umachita popanda kuchita manyazi.

Mawu oti "pepani" nawo ndi ofunika kuwasamala. Timawagwiritsa ntchito pa zonse, munthu akapunthwa timati pepani ngakhale mwalawo sitinauike ndife. M'kalata ya dandaulo, "pepani chifukwa cha zonse zachitikazi" amawerengedwa ngati kuvomera mlandu wonse. N'chifukwa chake ndinalemba kuti "pa ziwirizi ndikupepesa", kuti kupepesako kukhale ndi malire ooneka. Pewaninso kupepesa kwa mtundu wa "pepani ngati mwakhumudwa". Munthuyo wakhumudwa kale ndipo wakuuzani, ndiye mawu oti "ngati" amamveka ngati mukumunena kuti akudzipangitsa.

Chiganizo chokana chikhale chimodzi, chomveka, chokhala ndi chifukwa chake: "sindingathe kubweza ndalama zonse, popeza juziyo inalibe vuto pamene inkachoka m'shopu." Ambirife timachita mantha ndi chiganizo chimenechi, timachizungulira ndi mawu ambiri mpaka munthu amamaliza kuwerenga osadziwa ngati takana kapena tikuganizabe. Musabisalenso kumbuyo kwa "malamulo a shopu yathu salola". M'shopu yaing'ono aliyense akudziwa kuti malamulowo ndi inuyo, ndipo yankho lake lidzakhala loti, "Ndiye asintheni."

Muonanso zimene mulibe m'kalatamo. Sindinayankhe zoti ndimabera anthu, sindinatchule zoti andiyalutsa kwa anthu, sindinanene kuti ena onse amene anagula majuziwa sanadandaule. Chomalizachi chimakoma kuchilemba, koma kwa wowerenga chimatanthauza kuti vuto ndi iyeyo monga munthu. Sindinamutchulenso mnyamata wondithandiza uja. Ndinalemba kuti "ife", chifukwa shopu ndi yanga, ndipo kumupereka wantchito kwa kasitomala wokwiya ndi kumuika pamoto tsiku limene mayiwo adzabwerenso. Za iyeyo tinakambirana awiri kuseri.

Tsiku lomalizira, Lachisanu lija, lili ndi ntchito yake. Popanda tsiku, nkhani imakhala yotsegula miyezi, munthu n'kudzabwera mutaiwala kale akufuna 40 ya katundu pa nthawi imene mitengo yasintha. Sabata imodzi kapena ziwiri ndi zokwanira.

Musanatumize, werengani kalatayo mokweza, kapena mupatse munthu amene sakudziwa nkhaniyo, mumufunse mafunso awiri: kodi shopu ikuvomera kuti juzi inali yoipa, nanga ndalamazo akubwezera chiyani? Akalephera kuyankha msanga, kalatayo sinapse. Ndipo yankho la mtundu umenewu likhale lolembedwa, ngakhale mutayamba mwalankhulana pafoni kapena pamaso. Zolankhula pakamwa aliyense amazikumbukira momukomera.

Chachisanu: zimene zimabwera pambuyo pake

Akavomera, lipirani msanga, tsiku lomwelo ngati n'kotheka. Bwezani kudzera njira imene analipirira: ngati analipira ndi khadi, zibwerere ku khadi lomwelo, ngati anapereka ndalama pamanja, asayine pa kapepala kosonyeza tsiku, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala ya lisiti yoyamba. Pa khadi, muuzeni kuti ndalama zimatha kutenga masiku angapo kuti zioneke ku banki yake, apo ayi mulandira dandaulo lachiwiri mawa lake. Sungani pamodzi zithunzi za katundu, mauthenga onse ndi umboni wobweza. Munthu amene analipira ndi khadi atha kukadandaula ku banki yake kuti imubwezere ndalama, ndipo zikatero mudzafunsidwa umboni wa mbali yanu. Lembaninso 30 ija m'buku la malonda monga ndalama yobwezedwa, kuti pa mapeto a mwezi musadzafunefune kumene yalowera.

Akakana n'kubwera ndi ukali wina, funso ndi limodzi: kodi wabweretsa mfundo yatsopano? Mayi aja akanabwera ndi umboni woti kansalu ka malangizo kanalembedwa kuti juziyo ndi yochapa m'makina, ndikanasintha maganizo pomwepo, kubweza zonse, kenako n'kukalimbana ndi amene ndinapikulako. Koma ngati chatsopano ndi kukula kwa mawu kokha, yankhani kamodzi mwachidule kuti mwamva, kuti zimene munapeza pa katunduyo sizinasinthe, ndipo zimene munalonjeza zilipobe mpaka tsiku lija. Musayambenso kufotokoza za timamba ta ubweya kachiwiri ndi kachitatu. Kubwereza kulikonse kumamupatsa chiganizo chatsopano choti atsutse.

Nanga akakalemba poyera, pamene anthu ena akuwerenga? Yankhani pomwepo ndi mizere yochepa: kuti munayang'ana katunduyo, munapeza kuti sanali wolakwika, munapepesa pa kuchedwa kuyankha, ndipo munapereka njira yothetsera nkhaniyo imene ikudikira yankho lake. Musaike poyera mauthenga ake, nambala yake ya foni kapena kuchuluka kwa ndalama zimene mwalonjeza. Kutchula nambalayo pagulu n'kuuza aliyense mtengo wa kukalipa m'shopu mwanu. Ndipo musamuuze kuti mumupatsa ndalamazo pokhapokha afufute zimene walemba. Mukatero 30 ija yasiya kukhala chipepeso cha kuchedwa kwanu, yasanduka yogulira pakamwa pake, ndipo iye akangojambula uthengawo n'kuuonetsa anthu, mwadzipalira nkhani yoposa ya juzi.

Mayi aja anakhala chete masiku atatu. Kenako analemba kuti 30 ndi yochepa, akufuna theka. Ndinayankha kuti ndamva, koma 30 kapena katundu wa 40 ndi zimene ndingathe, ndipo zilipo mpaka Lachisanu. Lachinayi madzulo anabwera, nkhope ili gwa, sanakhale pansi. Anasankha ndalama. Ndinawawerengera, anasayina pa kapepala, ndipo akutuluka anaima pakhomo n'kufunsa ngati pali njira yoti juziyo itambasuke. Ndinawauza zoona, kuti ubweya ukaumbika chonchija subwerera, koma ingamukwane mwana wa zaka 8 kapena 9 ndipo ndi yofunda kwambiri. Anati ali ndi mdzukulu wa msinkhu umenewo, n'kuipinda kuika m'chikwama.

Sabata yomweyo ndinasindikiza timapepala ting'onoting'ono tonena kuti chaubweya chichapidwe pamanja m'madzi ozizira, osachikicha, osapotokola pofinya, ndipo chiyanikidwe chogoneka. Timakhoma kamodzi pa lisiti ya aliyense wogula juzi, ndipo foni ya shopu timaiyang'ana awiri, m'mawa potsegula ndi madzulo potseka.